Kawerengedwe ka bonasi ya ogulitsa malonda

Makampani ambiri amapereka bonasi kwa ogulitsa malonda potengera kuchuluka kwa zimene agulitsa poyerekeza ndi mlingo umene anawaikira. Choyamba, ndalama zonse zimene munthu wagulitsa amazigawa ndi mlingowo, kenako amachulukitsa ndi 100 kuti apeze peresenti.

Mgwirizano wotere umakhala ndi malire awiri: poyambira, pamene bonasi imayamba kuwerengedwa, ndi polekezera, pamene imasiya kukwera. Mwachitsanzo, kampani ingaike mlingo wa K2,000,000 pa mwezi, poyambira 80 peresenti, polekezera 120 peresenti, n'kulonjeza K5,000 pa peresenti iliyonse yoposa 80.

Wogulitsa amene wabweretsa K1,900,000 wafika pa 95 peresenti. Wadutsa poyambira ndi 15, choncho alandira K75,000. Mnzake amene wagulitsa K1,500,000 ali pa 75 peresenti, ndipo salandira kanthu. Wina amene wagulitsa K2,600,000 wafika pa 130 peresenti, koma amuwerengera 120 yokha. Kuchotsapo 80 patsala 40, ndiye kuti alandira K200,000.

Ambiri amalakwitsa pochulukitsa K5,000 ndi 95 yonse m'malo mwa 15. Cholakwacho chimaonekera msanga chifukwa yankho lake, K475,000, likuposa K200,000 imene ndi bonasi yaikulu kwambiri pa mgwirizanowu. Mkangano wina umabuka pa peresenti ngati 79.6. Mgwirizano uyenera kunena momveka ngati nambala yotere idzatengedwa kukhala 80 kapena ayi.