Woyendetsa ndege ya mankhwala amawerenga nthawi chobwerera m'mbuyo

Nkhani zazifupi za oyendetsa ndege zing'onozing'ono zakumidzi zimakonda kuyamba mofanana. Uthenga wafika kuti kuchipatala cha kumapiri mankhwala atha, wodwala ali kayakaya, ndipo dzuwa lapendeka. Wowerenga amadikira kuona munthu wolimba mtima akuthamangira ndege yake. Koma amene amagwiradi ntchitoyi amayamba wayang'ana wotchi ndi sikelo.

Ku Lesotho zimenezi n'zatsiku ndi tsiku. Dzikoli ndi la mapiri ambiri, moti malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Bungwe la Mission Aviation Fellowship lakhala likuulutsa ndege kumeneko kuyambira 1980, kunyamula anamwino, madokotala ndi mankhwala a Lesotho Flying Doctor Service kuchokera ku Maseru kupita kuzipatala zimene ena amazifikira pa hatchi. Ndege yake yodziwika ndi Cessna 206, ya injini imodzi ndi mipando isanu ndi umodzi.

Mdima umaopedwa chifukwa mabwalo akumapiriwa alibe nyale ngakhale imodzi. Woyendetsa amadalira maso ake, ndipo pa malamulo a ndege usiku umayamba dzuwa likatsika madigiri 6 kuseri kwa dziko, zomwe ku Lesotho zimachitika patadutsa mphindi pafupifupi 25 dzuwa litalowa.

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Juni, nthawi yachisanu, pamene ku Maseru dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 madzulo. Uthenga wafika 3 koloko, ndipo chipatalacho chili pa ulendo wa mphindi 40. Woyendetsa sayambira pa 3 koloko kuwerenga. Amayambira pa 5:15, nthawi imene akufuna kuti matayala akhale atagunda kale pansi kwawo. Akachotsapo mphindi 40 zobwerera, apeza kuti ayenera kunyamuka kumapiriko pofika 4:35. Kutsitsa katundu, kusayinitsa namwino ndi kuzungulira ndege kuona ngati mwala sunaswe kanthu kumadya mphindi 20, choncho ayenera kutera pofika 4:15 ndi kuchoka ku Maseru pofika 3:35. Watsala ndi mphindi 35 zokha zoti apime katundu, athire mafuta ndi kufunsa za mphepo. Galimoto yobweretsa mankhwala ikachedwa ndi theka la ola, ulendo wafa, kapena iye akagona konko.

Ndipo masamu amenewa ndi a munthu amene ali pachigwa choyalika. M'zigwa zakuya dzuwa limabisala kuseri kwa phiri nthawi yake isanakwane. Bwalo limalowa mumthunzi kumwamba kudakali kowala, maso n'kulephera kusiyanitsa dzenje ndi udzu, nkhosa ndi mwala.

Sikelo nayo ili ndi mawu ake. Kumtunda mpweya ndi wopyapyala, mapiko ndi chopukusa chakutsogolo sizigwira mwamphamvu, ndipo ndege imafuna mtunda wautali kuti idzuke. Lita imodzi ya mafuta a ndege zoterezi imalemera makilogalamu 0.72, choncho malita 100 owonjezera ndi kulemera kwa munthu wamkulu. Woyendetsa amasankha pakati pa mafuta ndi makatoni, koma mafuta apadera a mwadzidzidzi sakhudzidwa. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndiye bokosi lake lozizira limakwera, chikasiyidwa ndi china.

Bwalo la Matekane limasonyeza bwino kuchepa kwa malo olakwitsira. Ndi la mamita pafupifupi 400 basi, ndipo kumapeto kwake kuli phompho la mamita mazanamazana.

Akafika, woyendetsa satera nthawi yomweyo. Amadutsa pamwamba pa bwalo kuyang'ana kansalu kosonyeza mphepo, matope, chipale ndi ziweto, pakuti kwa abusa bwalo la ndege ndi msipu wabwino. Mabwalo ena otsamira phiri amaloledwa kuterapo kuchokera mbali imodzi yokha, chokwera mtunda. Pa mabwalo oterowo pali malo amene woyendetsa amawadziwiratu, mwina mtsinje kapena thanthwe. Asanafikepo akhoza kusintha maganizo n'kubwerera. Akangopitirira, phiri lili kutsogolo ndipo ndege singalikwere, ayenera kutera basi. Choncho liwiro likakhala lochuluka pang'ono, kapena mphepo ikamamukankha kumbuyo, amatembenuka asanafike pamalowo, ngakhale akuwaona anthu atayima pansi kumudikira.

Apa m'pamene olemba nthano ambiri amaphonya. Amapereka ulemu kwa woyendetsa amene watera mdima utagwa, anthu atayatsa miuni, pomwe mabungwe oulutsa ndege zoterezi amaphunzitsa antchito awo kuti chifundo pa wodwala ndicho chimakakamiza munthu kuswa malire amene anadziikira. Ndege ikaphwanyika, zipatala zonse zimene imatumikira zimakhala pa mavuto kwa miyezi. Woyendetsa wabwino akaona kuti 3:35 yadutsa, amauza namwino pa wailesi kapena pa foni kuti afika m'mamawa, mphepo isanadzuke, ndipo bokosi la katemera limabwerera mufiriji.