Za Kulonda Mapazi m'Mau a Chingelezi

Ana inu a ku Machinga ndi ku Balaka mudziwa kuti mtsinje wa Shire upita pakati panu, ndi kuti pafupi ndi Liwonde pali nkhalango ya nyama imene Boma linapatula m'chaka cha 1973. Nthawi zina nyamazo zituluka usiku nizidya m'minda. M'mawa mwini munda afika, koma wakubayo sanamuone ndi maso ai. Ayang'ana mapazi pansi, nanena chimene aganiza. Chingelezi chili ndi mau ake a nchito imeneyi, ndipo aphunzitsi akonda kuwachotsa m'chiganizo, nasiya mpata kuti inu mudzaze.

Taonani ichi: "The footprints have four toes and lead to the river. A hippo ____ have come." Musafulumire kulemba. Yambani mwawerenga chiganizo choyambacho, pakuti mapazi ali m'menemo. Zala zinai, ndi njira yotsikira kumadzi: imeneyo ndi mvuu ndithu. Tsono lembani must. Mwina munaphunzira kale kuti must ndi mau olamulira, monga kunena kuti muyenera kusesa. Pano salamulira munthu. Ifenso titero m'chinenero chathu: tikati "Iyenera kuti inali mvuu," sitiituma mvuuyo kanthu, tingonena kuti tatsimikiza mtima poona zizindikiro.

Koma nthaka ikauma gwa, mapazi saoneka. "The ground is hard and we see no marks. Wild pigs ____ have come." Kapena zinali nguluwe, kapena nyama ina, palibe adziwa. Apa mau ake ndi might, ndiko kuti mwina.

Chachitatu ndicho chigwetsa ana ambiri. "The goats were shut in all night. They ____ eaten the maize." Mbuzi zogona m'khola lotseka sizingathe kudya m'munda. Mwana wofulumira ati mumtima mwake, "Must ndi inde, tsono kukana kwake ndi mustn't." Iai! Mustn't ndi mau oletsa, monga amai aletsa mwana kusewera ndi moto. Pofuna kunena kuti chinthu sichikanatheka kuchitika, lembani can't have.

Penyaninso bwino pambuyo pa mpatawo. M'ziganizo ziwiri zoyamba zija have analembedwa kale, ndipo mukamlembanso adzakhala awiri. M'chachitatu mulibe, mwangotsala eaten yekha. Chifukwa chake muyenera kumuika inu eni. Have ameneyu ndiye asonyeza kuti zinthuzo zinachitika kale, usiku wapitawo, ndipo sasandulika has kapena had, ngakhale mbuzi ikhale imodzi kapena khumi.