Tsamba limodzi louza mkulu wa chipatala mmene mwezi wayendera

Mwezi ukatha, kalaliki wa pachipatala chaching'ono amasonkhanitsa makaundula a odwala oyendera, a sikelo ya ana, a amayi oyembekezera ndi a kochilira. Amawonkhetsa manambala, amalemba lipoti, ndipo lipotilo limapita ku ofesi ya zaumoyo ya paboma kumene limalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ndipo Unduna wa Zaumoyo m'Malawi umasungiramo ziwerengero zake. Vuto ndi lakuti manambalawa amapita kumtunda, pamene mkulu wa chipatala, amene ayenera kuitanitsa mankhwala ndi kugawa anamwino, amatsala ndi mulu wa mapepala woti sangaumalize kuwerenga odwala ali pamzere panja.

Chimene mkuluyu akusowa ndi dashibodi, tsamba limodzi loonetsa ziwerengero zofunika zokhazokha. Tsambali liyenera kuyankha funso limodzi: kodi mwezi uno wayenda monga mwa nthawi zonse, kapena pali china chofunika kuchitapo kanthu? Chilichonse chosathandiza kuyankha funsoli chisapatsidwe malo, ngakhale chikhale chokongola bwanji.

Tengani pepala la A4, muligoneke cham'mbali, ndipo muligawe zigawo zitatu kuchokera pamwamba. Pamutu penipeni lembani dzina la chipatala, mwezi wake, ndi tsiku limene manambala anawonkhetsedwa. Tsikuli ndi lofunika, chifukwa malipoti ena amabwera mochedwa, ndipo munthu akapeza mapepala awiri a mwezi umodzi ayenera kudziwa latsopano.

Chigawo choyamba chikhale ndi mabokosi anayi ondandalikana, chifukwa maso amayambira pamwamba chakumanzere. Bokosi loyamba lionetse odwala onse oyendera, lachiwiri ana osakwana zaka zisanu, lachitatu opezeka ndi malungo atayezedwa magazi, ndipo lachinayi amayi amene achilira pachipatalapo. M'bokosi lililonse nambala ya mwezi uno ilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pansi pake, ndi zilembo zing'onozing'ono, pakhale nambala ya mwezi womwewo chaka chatha.

Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amayerekeza mwezi uno ndi mwezi wathawu. Mlimi akafuna kudziwa ngati wakolola bwino amayang'ana zokolola za chaka chatha, osati zimene zinali m'nkhokwe mwezi wapita, ndipo matenda nawonso ali ndi nyengo zake. Malungo amachuluka m'dzinja ndi mvula ikangotha, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, ndipo amachepa m'chilimwe. Choncho kukwera kwa odwala mu Januwale poyerekeza ndi Disembala si kodabwitsa, koma Januwale wa chaka chino akaposa kwambiri Januwale wa chaka chatha, pamenepo pali nkhani.

Tiyerekeze chipatala chimene chinaona odwala oyendera 2,310 mu Januwale ndi 2,100 mu Febuluwale. Woona manambala awiriwa anganene kuti odwala achepa ndi 210. Koma tinene kuti mu Januwale chipatalachi chinagwira ntchito masiku 22, pamene mu Febuluwale chinagwira masiku 20. Mukagawa, miyezi yonse iwiri ikupereka odwala 105 patsiku, kutanthauza kuti ntchito ya dokotala sinapepuke ngakhale pang'ono. Tsono tinene kuti Febuluwale wa chaka chatha anali ndi odwala 1,750. Kusiyana kwake ndi 350, ndiye kuti pa odwala 100 aliwonse a chaka chatha pawonjezereka 20. Imeneyi ndiye nkhani yeniyeni ya mweziwu, ndipo ikanabisika mukanangoyang'ana Januwale. Mu Excel, ngati nambala ya chaka chino ili mu B2 ndipo ya chaka chatha ili mu C2, kusinthaku kumapezeka motere:

```
=(B2-C2)/C2*100
```

N'chifukwa chake bokosi la odwala oyendera liyenera kukhala ndi zinthu zinayi: 2,100 monga nambala yaikulu, 1,750 ya chaka chatha, kukwera kwa 20 peresenti, ndi 105 patsiku.

Chigawo chachiwiri, chimene chitenge malo ambiri pakati pa tsamba, chikhale tchati chimodzi cha mizere choonetsa odwala oyendera mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mzere wa chaka chino ukhale wakuda ndi wonenepa, wa chaka chatha ukhale woonda ndi wodukizaduka. Musadalire mitundu, chifukwa makina osindikizira ambiri m'zipatala amatulutsa zakuda ndi zoyera basi, ndipo mzere wofiira ndi wobiriwira zikasindikizidwa zimaoneka ngati zofanana. Dzina la mzere uliwonse lilembedwe kumapeto kwa mzerewo, kuti wowerenga asavutike kulifufuza pakona.

Patchatipa samalani ndi mwezi umene lipoti lake silinabwere. Ena amalembapo 0, ndipo mzere umagwera pansi ngati kuti mwezi wonse sikunabwere wodwala ndi mmodzi yemwe. Ziro amatanthauza kuti munawerenga n'kupeza kuti palibe, pamene kusowa kwa lipoti kumatanthauza kuti simunawerenge. Siyani malowo opanda kanthu kuti mzere uduke, ndipo aliyense adzaona kuti pakusowa lipoti.

Chigawo chachitatu chigawidwe pawiri. Kumanzere ikani matenda asanu amene abweretsa anthu ambiri mwezi umenewo, monga malungo, chifuwa ndi chimfine, kutsegula m'mimba ndi matenda a pakhungu. Aonetsedwe ndi mipiringidzo yogona, wautali pamwamba, waufupi pansi, yonse yoyambira pa ziro. Mipiringidzo ikayambira pa 400, nambala ya 500 imaoneka ngati yowirikiza kawiri ya 450, pamene kusiyana kwake ndi kochepa. Tchati chozungulira chodulidwa zidutswa chipeweni, chifukwa diso silitha kusiyanitsa zidutswa zotsala pang'ono kufanana.

Kumanja siyani bokosi la mawu, mizere itatu kapena inayi, lolembamo zimene zinachitika mweziwo: masiku amene chipatala chinatsekedwa, mankhwala kapena zipangizo zimene zinatha, mlatho wokokoloka umene unatsekereza midzi ina. Bokosili limateteza mkulu wa chipatala ku chisangalalo chabodza. Pachipatala chathu chongoyerekeza chija, tinene kuti mu Febuluwale anthu 900 anayezedwa malungo ndipo 540 anapezeka nawo, kenako mu Malichi opezeka nawo anatsika kufika pa 300. Zikuoneka ngati malungo achepa. Koma oyezedwa mu Malichi anali 500 okha, chifukwa zoyezera magazi zinatha kwa masabata awiri. Pa anthu 100 aliwonse oyezedwa, 60 anapezeka ndi malungo m'miyezi yonse iwiri. Mkulu amene angachepetse oda yake ya mankhwala a LA poona 300 yekhayo adzasowa chopatsa odwala mu Epulo. Motero pansi pa nambala ya malungo pazilembedwanso chiwerengero cha oyezedwa.

Tsambali lisamasinthe maonekedwe mwezi ndi mwezi, ndipo kawerengedwe kake kakhale kamodzi. Ngati mukuwerenga odwala atsopano okha, osaphatikiza obwera kachiwiri ndi vuto lomwelo, lembani zimenezo pansi pa tsamba ndipo muzitsatira chaka chonse, apo ayi chaka chino ndi chatha sizingayerekezedwe.

Musanalikhomere pakhoma, lipatseni namwino amene sanathandize kulikonza, aliyang'ane kwa mphindi imodzi, kenako mumufunse chimene chasintha mwezi uno ndi chimene chipatala chiyenera kuitanitsa. Akayankha kuti odwala akwera kuposa chaka chatha ndipo zoyezera malungo zikufunika msanga, tsambalo latheka. Akayamba kufunsa kuti mzere uwu ukuimira chiyani, chotsani zina, kulitsani zotsalazo, ndipo mumuonetsenso.