Foni imodzi yalandira, inzake ikudikira: maere a m'sitolo ya mapulogalamu

Mtsikana ndi mkulu wake agula mafoni a Tecno a mtundu umodzi, m'shopu imodzi, tsiku limodzi. Patapita miyezi, Lachiwiri lina madzulo, wamng'onoyo atsegula Play Store napeza kuti papulogalamu imene onse awiri amaigwiritsa ntchito palembedwa Update. Mkuluyo atsegulanso yake, koma pamenepo palembedwa Open basi. Azimitsa foni, ayatsanso, agula bandulo ina poganiza kuti netiweki ndiyo ikuchedwa. Palibe chasintha. Batanilo limutulukira Loweruka, ataiwala kale za nkhaniyo.

Foni yake siyowonongeka, ndipo wam'shopu sanamugulitse yachinyengo. Nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti eni pulogalamuyo anachita kufuna kuti isafike kwa onse tsiku limodzi, ndipo maere sanamugwere.

Wopanga pulogalamu akamaliza mtundu watsopano amautumiza ku Google kudzera pamalo otchedwa Play Console. Kumeneko amapeza kabokosi kofunsa kuti mtunduwu upite kwa anthu angati pa 100 alionse. Akhoza kulemba 100, koma makampani ambiri akuluakulu amayamba ndi 1, 5 kapena 10. Njirayi pa Play Console imalembedwa kuti staged rollout, kutanthauza kutulutsa pang'onopang'ono. Amene amasankha anthu olowa m'kagulu koyambako ndi makina a Google, ndipo amasankha mwachisawawa. Sayang'ana kuti foni ndi yodula, kapena kuti munthu wakhala ndi pulogalamuyo zaka zingati. Kwa amene wasankhidwa, sitolo imaonetsa mtundu watsopano. Kwa wina aliyense imaonetsabe wakale, ngati kuti watsopanowo kulibe n'komwe.

Nanga bwanji osangopatsa onse n'kupumula? Chifukwa chachikulu n'chakuti pulogalamu ikalowa m'foni ya munthu, kuibweza n'kovuta. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake yobisika yotchedwa versionCode, ndipo Android siilola kuti nambala yaing'ono ikhale pamwamba pa yaikulu. Choncho wopanga akazindikira kuti mtundu 212 uli ndi vuto, sangauze mafoni kuti abwerere ku 211. Ayenera kukonza vutolo, kutumiza 213, kudikira kuti Google iuone, kenako kudikiranso kuti mafoni aukope. Zili ngati mbewu: ikakwiriridwa yakwiriridwa, ndiye mlimi wochenjera amayamba wayesa mbewu yachilendo pamizere iwiri ya kumapeto kwa munda.

Vuto lina ndi kuchuluka kwa mitundu ya mafoni a Android, imene ilipo zikwizikwi. Akatswiri a kampani amayesa pulogalamu pamafoni ochepa amene ali nawo muofesi, ndipo kawirikawiri amakhala amphamvu, okhala ndi malo ambiri, pa intaneti yosadukaduka. Foni ya itel yodzaza zithunzi za paukwati, imene netiweki yake imabwera n'kupita, muofesimo mulibe.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione mmene zimayendera. Pulogalamu ina yotumizira ndalama ili ndi anthu 2,000,000. Mtundu watsopano uli ndi kachilema kamene kamaitseka yokha munthu akangoitsegula, koma pamafoni amtundu wina okha, amene ali ndi anthu asanu pa 100 alionse. Mtunduwu ukapita kwa onse nthawi imodzi, anthu 100,000 adzalephera kutumiza ndalama, mwina tsiku la malipiro. Ukayamba ndi 1 peresenti, ufika kwa anthu 20,000, ndipo ovutika akhala pafupifupi 1,000. Anthu 1,000 si ochepa, koma ndi okwanira kuti vutolo lioneke, chifukwa mafoni ambiri amatumiza lipoti pulogalamu ikadzitseka yokha kapena ikauma osayankha. Wopangayo amaona malipotiwa atasanjidwa malinga ndi mtundu wa foni, n'kuzindikira kuti onse akuchokera mbali imodzi. Google ili ndi malire akeake: anthu opitirira 1.09 peresenti mwa ogwiritsa ntchito pa tsiku akamaona pulogalamu ikudzitseka, imaiwerenga ngati yosachita bwino, ndipo ikhoza kuchepetsa kuionetsa m'sitolo. Ndiye wopangayo amadina Halt rollout. Kuyambira pamenepo palibenso wina amene alandire mtundu woipawo. Anthu 20,000 aja amakhala nawobe mpaka wokonzedwa utabwera, pamene 1,980,000 otsalawo sadziwa n'komwe kuti kunali vuto.

Apa mpamene ine ndimasiyana maganizo ndi amene amadandaula kuti atsalira. Wolandira Lachiwiri uja ndi wolawa ndiwo, ndipo palibe anamufunsa ngati akufuna kulawa. Wa Loweruka amadya zimene ena ayamba atsimikiza kuti mchere uli bwino.

Zinthu zikayenda bwino, wopangayo amakweza chiwerengero: 5, kenako 20, kenako 50, mpaka 100. Pa Play Store chiwerengerochi sichikwera chokha. Munthu kapena makina a kampaniyo ndi amene amachikweza, n'chifukwa chake palibe angakuuzeni tsiku lenileni limene mulandire. Kampani ina imamaliza m'masiku atatu, ina m'masabata awiri, ndipo ambiri sakonda kukweza Lachisanu madzulo pamene okonza zinthu akupita kukapuma. Wopanga akhozanso kuyamba ndi mayiko ochepa okha. M'bale wanu wa ku Joni kapena ku Mangalande akakuuzani kuti iye analandira kale, mwina dziko lanu silinatsegulidwe.

Njirayi ili ndi polekezera pake. Pulogalamu ya anthu 5,000 ikayamba ndi 1 peresenti, olandira ndi 50 okha, ndipo chilema chija chigwira awiri kapena atatu. Malipoti awiri sauza munthu kanthu, choncho opanga ang'onoang'ono amayamba ndi gawo lalikulu. Ndiponso pali zilema zina zimene zimadikira tsiku lake, monga loyamba la mwezi, ndipo zimenezo zimadutsa masitepe onse osaoneka.

Ku Apple mfundo ndi yomweyo koma kachitidwe n'kosiyana. Kuyambira 2017, wopanga akhoza kusankha Phased Release, ndipo ndondomeko yake ndi yoikika, ya masiku asanu ndi awiri: 1 peresenti tsiku loyamba, 2 lachiwiri, kenako 5, 10, 20, 50, ndi 100 tsiku lomaliza. Wopanga sangasinthe manambalawa, koma akhoza kuimitsa kaye kwa masiku osapitirira 30, kapena kutsegulira onse nthawi imodzi. Chosiyana chachikulu n'chakuti maerewa amakhudza okhawo amene foni zawo zimakopa zokha mitundu yatsopano. Mwini iPhone amene sakufuna kudikira akhoza kulowa mu App Store, kufufuza pulogalamuyo ndi kuikopa ndi dzanja tsiku loyamba lomwelo. Pa Android khomo limenelo kulibe: ngati maere sanakugwereni, batani la Update silioneka ngakhale mutsegule sitolo kakhumi.

Komatu si kuchedwa konse kumene kuli kwa maere, ndipo kusiyanitsa n'kothandiza.

Choyamba muone ngati batani la Update lilipo koma foni sinakope. Pamenepo maere anakugwerani kale, chimene chatsala ndi inu. Play Store imabwera itaikidwa kuti izikopa yokha pa wayifayi pokha, ndipo munthu amene amadalira bandulo masiku onse akhoza kukhala miyezi ali ndi mtundu wakale. Zimenezi zimasinthidwa pa Auto-update apps, koma musanasinthe ganizirani za thumba lanu, poti mapulogalamu makumi awiri akayamba kudzikopa okha bandulo ya sabata itha musanadye nkhomaliro. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha nayonso siitsegula sitolo. Foni yodzaza imalepheranso kukopa, ndipo imanena yokha kuti malo achepa.

Chachiwiri n'chowawa: mwina foni yanu sikudikira, yasiyidwa. Wopanga aliyense amalemba Android wakale kwambiri amene pulogalamu yake ingagwirepo ntchito, ndipo sitolo siionetsa mtundu watsopano kwa foni imene ili pansi pa malirewo. WhatsApp inachita zimenezi mu Okutobala 2023, pamene inasiya mafoni onse a Android wosafika pa 5.0. Chizindikiro chake n'chakuti masabata amapita, anzanu onse alandira, inu ayi, kapena sitolo imalemba kuti Your device isn't compatible with this version. Tsegulani About this app patsamba la pulogalamuyo, muone Android amene ikufuna, mufanizire ndi wanu pa About phone.

Palinso china chimene chimasokoneza ngakhale odziwa. Mafoni awiri akhoza kukhala ndi nambala imodzimodzi ya mtundu, koma ina ili ndi batani latsopano, ina ilibe. Apa sitolo sikukhudzidwa. Makampani akuluakulu amaika chinthu chatsopano m'pulogalamu chili chozimitsa, n'kumachiyatsa kuchokera kumakompyuta awo, gulu ndi gulu. Ubwino wake kwa iwo ndi wakuti chikavuta amangochizimitsa nthawi yomweyo, osadikira sitolo. Kwa inu, kufufuta pulogalamu n'kuikopanso sikuthandiza kawirikawiri, kumangodya bandulo, mwinanso n'kutaya mauthenga amene simunawasunge. Ndipo mnzanu amene amalandira chilichonse patsogolo nthawi zonse mwina si wamwayi: yang'anani ngati analowa m'gulu la oyesera, limene patsamba la pulogalamu limalembedwa kuti beta.

Tsono pali njira yachidule imene ambiri timaidziwa: "Tanditumizireni pa Xender." Nthawi zina imagwira. Koma mapulogalamu ambiri masiku ano sabwera ngati fayilo imodzi. Kuyambira Ogasiti 2021 Google inalamula kuti mapulogalamu atsopano azitumizidwa m'njira imene sitolo imadulira foni iliyonse zidutswa zoyenera injini yake, sikirini yake ndi chilankhulo chake. Zidutswa zodulira foni ya mnzanu zikhoza kukana pa yanu, n'kulemba App not installed, kapena kulowa koma n'kumadzitseka. Fayilo yotola pa intaneti ili ndi ngozi ina. Android imafanizira chidindo cha wopanga chimene chili pafayilo yatsopano ndi cha pulogalamu imene muli nayo kale, ndipo zikasiyana imakana kuika. Munthu akakuuzani kuti muyambe mwachotsa yakaleyo kuti yatsopano ilowe, dziwani kuti akukuchotsetsani mlonda ameneyu, ndipo ngati ndi pulogalamu ya banki kapena ya ndalama za pafoni, nambala yanu yachinsinsi mukailemba m'chinthu chimene simukudziwa amene anachipanga.