Vinyo Wouma Ngotani?

Pa mndandanda wa zakumwa m'bala ya hotelo, pansi pa dzina la vinyo pamakhala kamzere kofotokoza kakomedwe kake. Kamzereka ndi komwe kamapatsa womasulira thukuta, ndipo vuto limayambira pa liwu lomwe limalembedwanso pabotolo: Dry. Wothamanga amalemba kuti "vinyo wouma", kasitomala n'kumadabwa kuti chakumwa chiuma bwanji.

Nkhani yake ndi ya shuga. Madzi a mphesa akamawira, yisiti imadya shuga n'kumusandutsa mowa. Ikamudya pafupifupi yense, vinyoyo satsekemeranso, ndipo ndi zokhazo zimene liwulo likunena. Choncho "wosatsekemera" ndiye kumasulira kolondola. Ena amalemba "wowawa", koma apa akunamizira vinyo, chifukwa kwa ife kuwawa ndi kwa kwinini, kwa tsabola, ngakhale kwa mutu. Vinyo woyera wa Sauvignon Blanc, yemwe amabwera wambiri kuchokera ku South Africa, ndi wosatsekemera komanso wowawasa pang'ono. Sawawa ayi.

Pa shampeni m'pamene pali msampha weniweni. Botolo lolembedwa Brut limakhala ndi shuga wosafika magalamu 12 pa lita, pomwe la Extra Dry limakhala ndi magalamu 12 mpaka 17. Ndiye kuti lachiwirili ndi lotsekemerako kuposa loyambalo, ngakhale dzina lake likumveka ngati likunena zosiyana. Womasulira akangotsata mawu n'kulemba "wosatsekemera ngakhale pang'ono", munthu wodana ndi zotsekemera aitanitsa botolo lolakwika, ndipo si lotchipa. Mayina awiriwa asiyidwe momwe alili, kuti woperekera zakumwa aziwapeza pabotolo, kenako pambali palembedwe "wosatsekemera" ndi "wotsekemera pang'ono".

Palinso vinyo wofiira amene amasiya m'kamwa muli gwa, lilime likukhakhala ngati waluma nthochi yosapsa. Zimenezi zimachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo kulemba kuti "amamanga m'kamwa" kumathandiza owerenga kuposa kukopera dzina la sayansi.

Nanga mndandanda ukatchula vanila, mtedza kapena chokoleti? Pa vinyo ndi wisiki, kawirikawiri sizitanthauza kuti anathiramo zinthuzi. Kafungo ka vanila kamachokera ku mgolo wamatabwa womwe chakumwacho chinakhaliramo. Apa kusiyana kwa "muli mtedza" ndi "amamveka kafungo ka mtedza" n'kwakukulu, makamaka kwa munthu amene mtedza umamudwalitsa. Koma pa zakumwa zosakaniza, mndandanda umatchula zomwe zalowadi m'tambula. Malawi Gin wa toniki ndi kachidutswa ka ndimu ali ndi ndimu weniweni, ndipo kuwawa kwake n'kwenikweni, kochokera ku kwinini wa mu toniki. Womasulira akakayika ngati chotchulidwacho chilimodi kapena ndi kafungo chabe, asaganizire. Apite kukauntala, awerenge pabotolo, afunse wosakaniza zakumwayo kuti amathiramo chiyani.