Kuyeza mphamvu za matimu amene sanakumanepo

Ku America, matimu akuluakulu a mpira wa m'makoleji ndi oposa 100, koma iliyonse imasewera masewero pafupifupi 12 pa chaka, choncho ambiri sakumana. Mu 1997, Kenneth Massey adalemba njira yowasanjira: timu iliyonse ipatsidwe nambala, ndipo kusiyana kwa manambala a matimu awiri kuyandikire kusiyana kwa mapointi awo pabwalo.

Tiyerekeze kuti A yagonjetsa B ndi mapointi 10, B yagonjetsa C ndi 4, koma A yagonjetsa C ndi 8 okha m'malo mwa 14. Palibe manambala amene angakwaniritse zonsezi. Njirayi imachulukitsa cholakwika chilichonse ndi icho chomwe, n'kusankha manambala amene zolakwikazo zikaphatikizidwa zimachepetsetsa. Apa mapointi 6 osagwirizanawo amagawidwa mofanana, awiri pa sewero lililonse. Tikalamula kuti manambala onse pamodzi apange 0, A ipeza 6, B −2, C −4.

Vuto lagona pa magulu. Ngati magulu awiri sanakumanepo, masamuwa sangawayerekeze n'komwe. Choopsa kwambiri, kwa ine, ndi pamene sewero limodzi lokha lawalumikiza. Cholakwika cha sewerolo chimatuluka 0 nthawi zonse chifukwa palibe lina lolitsutsa, ndipo chigoli chimodzi chamwayi chimakweza gulu lonse.

Musanakhulupirire mndandanda wa kumayambiriro kwa mpikisano, werengani masewero amene alumikiza maguluwo.