Bilu ili m'dzina la alandilodi: kalata yomwe banki ikufuna kwa munthu wa lendi

Pa kauntala yotsegulira akaunti ku banki pali funso limene limabweza anthu ambiri kunyumba: "Umboni wa komwe mumakhala uli kuti?" Chiphaso cha unzika chili m'manja, fomu yalembedwa bwino, koma wa ku banki akufuna bilu ya madzi kapena ya magetsi. Munthu wochita lendi ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Zolozolo akapita nayo biluyo, pamapezeka dzina la mwininyumba, osati lake. Apa ndi pamene pamafunikira kalata ya alandilodi.

Sikuti banki ikufuna kuvutitsa munthu. Lamulo lolimbana ndi milandu ya zachuma la mu 2017, pamodzi ndi malangizo a Reserve Bank of Malawi, limakakamiza mabanki kudziwa bwino kasitomala aliyense: ndi ndani, amakhala kuti, ndipo ndalama zake amazipeza bwanji. Chiphaso cha unzika chimayankha funso loyambalo. Koma munthu amasamuka, ndipo nyumba zambiri m'matauni mwathu zilibe nambala kapena dzina la msewu, n'chifukwa chake mabanki ena amapempha kuti ujambulenso mapu a kunyumba kwako. Bokosi la ku positi ofesi silithandiza pano, poti munthu sagona m'bokosi.

Ntchito ya kalatayi ndi imodzi yokha: kulumikiza mayina awiri. Bilu ikuti nyumba yakutiyakuti ilipo ndipo ndi ya uje. Chiphaso chikuti inu ndinu uje. Kalata ndi imene imanena kuti munthu wa pa chiphasoyu amakhala m'nyumba ya munthu wa pa biluyu. Mukamvetsa zimenezi, mudziwa nokha zoyenera kulembamo ndi zimene zingachititse kuti ikanidwe.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene akuchita lendi chipinda ndi balaza ku Area 25 mu Lilongwe. Pa pulotipo pali mabanja anayi, mpopi ndi umodzi, ndipo bilu ya Lilongwe Water Board imabwera m'dzina la alandilodi, bambo wachikulire amene amakhala nyumba yakutsogolo. Mayiyu sanasainirane pepala lililonse la lendi. Amalipira pamanja mwezi ukatha, bambowo n'kulemba m'kope.

Asanapite kwa bambowo, ayambe wafunsa ku nthambi ya banki imene akufuna kutsegulako akaunti. Afunse ngati amalandira kalata ya mwininyumba, ngati ali ndi fomu yawoyawo yoti alandilodi angosaina, ngati kalata ya m'Chichewa ndi yololedwa, komanso zimene ziyenera kutsagana nayo. Mabanki amasiyana, ndipo ulendo umodzi wofunsawu umapulumutsa ndalama ya minibasi ya maulendo atatu.

Kenako ndi kukapempha. Nkhani yotere siyoyankhulira pampopi mongodutsa. Mayiyu agogode, akhale pansi, alonjere, kenako anene kuti: "Bambo, ndabwera ndi pempho. Ndikufuna kutsegula akaunti ku banki, ndiye akufuna kalata yochokera kwa inu yongotsimikiza kuti ndimakhala pano. Ndalemba kale kuti ndisakutopetseni. Muiwerenge, mukakhutira musaine."

Kulemberatu kalatayo n'kwanzeru, chifukwa eninyumba ambiri amazengereza ndi mantha. Ena amaopa kuti wa lendiyo akadzatenga ngongole n'kuthawa, banki idzawagwira iwo. Kalata yongotsimikiza malo okhala siisandutsa munthu kukhala woimira ngongole ya mnzake, ndipo nyumba siikhala chikole. Zimenezo zili ndi mapepala akeake amene munthu amasaina akudziwa. Ena amaopa kuti ndalama zimene amatolera zidziwika. Pokhapokha banki itachita kupempha, mtengo wa lendi sufunika kulembedwamo. Bambowo akaona ndi maso awo kuti kalata ndi ya mizere yochepa ndipo ilibe lonjezo lililonse la ndalama, mtima umakhala m'malo.

Pamwamba pa kalatayo pakhale deti, ndipo ilembedwe kwa manijala wa bankiyo, kutchula nthambi yake. Thunthu lake lingamveke motere: "Ine (dzina lonse la mwininyumba), mwini wa nyumba ya pa puloti nambala (nambala), ku Area 25, Sekita (nambala), mu mzinda wa Lilongwe, ndikutsimikiza kuti mayi (dzina lonse), a chiphaso cha unzika nambala (nambala), akuchita lendi m'nyumba yanga kuyambira mwezi wa Malichi 2022 ndipo akukhalamobe mpaka lero. Bilu ya madzi ya pamalopa, ya akaunti nambala (nambala), ili m'dzina langa." Pansi pake pabwere siginecha ya bambowo ndi nambala yawo ya foni. Mayiyu aphatikizepo fotokope ya chiphaso cha alandilodi ndi bilu yaposachedwa, popeza mabanki kawirikawiri safuna bilu yopitirira miyezi itatu. Ngati pamalopo pali mita ya ESCOM yogula mayunitsi, afunse ngati risiti yogulira mayunitsi ingalowe m'malo mwa bilu.

Mawu akuti "akukhalamobe mpaka lero" asasowemo. Kalata yongonena tsiku lolowera m'nyumba ikutsimikiza zakale, pamene banki ikufunsa za lero.

Makalata ambiri amakanidwa chifukwa cha mayina. Alandilodi amamudziwa wa lendi wawo ndi dzina la kubanja, pamene pa chiphaso pali dzina la bambo ake omubereka. Kalata itsate chiphaso chilembo ndi chilembo. Mbali inayonso vuto ndi lomwelo: bilu ikhoza kukhala m'dzina la malemu amuna awo a mayi amene akutolera lendi lero, kapena la munthu amene anagulitsa nyumbayo kalekale koma dzina silinasinthidwe. Zikatero wosaina kalata ndi wa pa bilu amaoneka anthu awiri osadziwana. Musabise zimenezi, kalatayo ifotokoze m'chiganizo chimodzi ubale wa wosainayo ndi dzina la pa bilu, ndipo mufunse ku banki ngati akufuna umboni wina. Chimodzimodzi ngati mwininyumba ali ku Joni ndipo amene amayang'anira ndi mphwake: anene poyera kuti akusaina ngati woyang'anira.

Nambala ya foni nayo ikhale yogwira ntchito. Banki ikhoza kuimba kuti itsimikize, choncho achenjezeni alandilodi. Bambo amene wadzidzimuka ndi foni yachilendo n'kuyankha kuti "sindikumudziwa" wagwetsa zonse.

Nanga alandilodi akakanitsitsa? Njira zina zilipo, malinga ndi banki: pangano la lendi losainidwa ngati lilipo, kalata ya kuntchito yotchula komwe mumakhala, kapena kalata ya mfumu ya m'dera yokhala ndi chidindo. Chosayenera ndi kubwereka bilu ya mnzanu wa ku Area 47 n'kupeka kalata. Kupereka umboni wabodza ku banki ndi mlandu, ndipo zikadziwika akaunti ikhoza kutsekedwa ndalama zanu zili momwemo.

Musanapereke kalatayo, yalani mapepala atatu patebulo: chiphaso, bilu ndi kalata. Dzina lanu pa kalata lifanane ndi la pa chiphaso. Dzina la wosaina ndi malo zifanane ndi za pa bilu. Zikagwirizana, jambulitsani fotokope yosunga kunyumba, chifukwa mabanki amapempha makasitomala kukonzanso mbiri yawo nthawi ndi nthawi. Tsiku limenelo likadzafika, kapena mukadzasamuka, mudzangosintha deti ndi malo n'kukagogodanso kwa alandilodi.